Kuyendera bilu ya zomangamanga musanasayine: kugwira masamu olakwika pa mtengo, kuchuluka ndi muyezo

Alamu anga a ku Santhe, atagulitsa fodya ku Chinkhoma, anaganiza zomanga nyumba yosungiramo chimanga ndi soya pafupi ndi msewu. Nyumba yake yosavuta: mamita 12 mulitali, mamita 8 mulifupi, chipinda chimodzi chachikulu ndi khonde laling'ono kutsogolo. Kontirakitala anabweretsa bilu ya masamba asanu ndi limodzi, imene pamwamba pake panalembedwa kuti BOQ, kutanthauza mndandanda wa ntchito zonse, kuchuluka kwake ndi mitengo yake, ndipo pansi pa tsamba lomaliza panali K42,350,000. Alamu anali atayendera kale mizere yambiri ndi kakyuleta ya pa foni. Anandiuza kuti, "Alamu, masamu ali bwinobwino, koma mtima ukukana." Mtimawo sunaname. Mzere umene unali kudya ndalama zambiri kuposa yonse kakyuleta inauvomera, chifukwa vuto lake silinali pa kuchulukitsa. Linali pa zinthu zimene zinachulukitsidwazo.

Ndikuyendetsani m'bilu yomweyo monga tinachitira tsiku limenelo. Mitengo imene nditchule muitenge ngati chitsanzo chabe, poti mtengo wa simenti ndi zitsulo umasintha mwezi usanathe. Chimene sichisintha ndi kayenderedwe kake.

Konzani zida ndipo dziwani madanga a bilu

Mufunika bilu yosindikiza pa pepala, pulani ya nyumba yokhala ndi miyezo, pensulo, lula ndi kakyuleta. Ngati kontirakitala anailemba pa kompyuta, pemphaninso fayilo yake ya Excel, osati chithunzi chotumiza pa foni. Lulayo ndi yoyika pansi pa mzere umene mukuwerenga, chifukwa maso akatopa amalumphira mzere wapansi n'kutenga mtengo wa chinthu china.

Bilu zambiri kuno zimalembedwa m'Chingerezi ndipo zimakhala ndi madanga asanu ndi limodzi. Loyamba ndi nambala kapena chilembo cha mzere, lachiwiri limafotokoza ntchito. Kenako pamabwera Unit, umene ndi muyezo. Qty, kuchuluka kwa ntchitoyo. Rate, mtengo wa muyezo umodzi. Ndi Amount, ndalama za mzere wonse. Lamulo lake ndi limodzi: Qty kuchulukitsa ndi Rate kupereke Amount. Koma lamuloli limagwira pokhapokha ngati Qty ndi Rate zikulankhula za muyezo umodzi, ndipo n'chifukwa chake ine sindiyambira pa kakyuleta.

Gawo loyamba: werengani danga la muyezo lokha

Tsikani ndi danga la Unit kuchokera pamwamba mpaka pansi, musanayang'ane ndalama. Pa mzere uliwonse dzifunseni ngati ntchitoyo imayezedwadi motero. Chilembo m chokha ndi utali, monga wa paipi kapena thabwa la m'mphepete mwa denga. Chizindikiro m² ndi sikweya mita, kukula kwa malo, monga pulasitala, penti ndi khoma. Chizindikiro m³ ndi kiyubiki mita, chinthu chokhala ndi utali, mulifupi ndi kuya, monga dothi lokumba ndi konkire. Zitsulo za m'konkire zimayezedwa pa kg, pomwe zitseko ndi mawindo zimawerengedwa chimodzichimodzi, n'kulembedwa No kapena nr. Samalani ndi bilu zimene kanambala kakang'ono ka pamwamba kanafufutika posindikiza, kapena mlembi anangolemba m2 ndi m3. Pa pepala lofotokopedwa kawiri, 2 ndi 3 amafanana ngati mapasa.

M'bilu ya alamu, pa tsamba lachiwiri, panali mzere wa hadiko, miyala yoswa imene amathira n'kutsendera pansi asanathire silabu, konkire ya pansi pa nyumba. Mawu ake ankati hadiko yochindikala mamilimita 150. Muyezo unali m², kuchuluka 96, mtengo K45,000, ndalama zonse K4,320,000. Mukadina 96 kuchulukitsa ndi 45,000 mupezadi 4,320,000. Nambala ya 96 nayonso ndi yoona, poti 12 kuchulukitsa ndi 8 ndi 96. Ngakhale kuyeza hadiko pa sikweya mita si kulakwa, bola kuchindikala kwake kutchulidwe, ndipo kunatchulidwa. Chilichonse pachokha chinali choyera.

Chinandiimitsa ndi mzere wina pa tsamba lachinayi, wa hadiko ya pakhonde. Kumeneko muyezo unali m³, koma mtengo unali womwewo, K45,000. Chinthu chimodzi sichingakhale ndi mtengo umodzi pa sikweya mita ndi pa kiyubiki mita, pokhapokha chitachindikala mita yathunthu. Ichi ndiye chizindikiro chimene ndimasaka m'bilu iliyonse: mtengo wofanana pa miyezo iwiri yosiyana. Nthawi zambiri si kuba ayi. Mlembi amakopera mtengo kuchokera m'bilu ya ntchito yakale n'kuiwala kuti uko ankayeza mwina.

Kuti muone kukula kwa cholakwikacho, sandutsani mamilimita kukhala mamita. Mamilimita 150 ndi 0.15 ya mita. Ndiye 96 kuchulukitsa ndi 0.15 kumapereka makiyubiki mita 14.4, ndipo 14.4 kuchulukitsa ndi K45,000 ndi K648,000. Mukafuna kusiya muyezo wa sikweya mita momwe ulili, ndiye mtengo ndi umene usinthe: K45,000 kuchulukitsa ndi 0.15 ndi K6,750 pa sikweya mita, ndipo 96 kuchulukitsa ndi K6,750 kumakubwezerani pa K648,000 pomwepo. Njira ziwirizi zikakumana pa nambala imodzi, dziwani kuti mwapeza yoona. Mzere umodzi umenewu unali utakwera ndi K3,672,000.

Alamu poyamba sanamve za makiyubiki. Ndinawafunsa kuti, "Mukathira makiyubiki 96 a miyala m'nyumba ya masikweya mita 96, miyalayo ifika pati?" Anaima, n'kuloza m'chiuno. Ifikadi mita imodzi kuchokera pansi. Ndalama zimene zinalembedwazo zinali za miyala yofika m'chiuno, pomwe pulani inkafuna yongopitirira pang'ono kakolo.

Gawo lachiwiri: sandutsani nambala kukhala chinthu chimene mumachidziwa

Funso la m'chiuno lija ndi njira yonse payokha. Nambala ya pa pepala siopsa, koma mukaisandutsa matumba, zitsulo kapena maulendo a lole, bodza lake limaonekera. Konkire yosakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale imadya matumba a makilogalamu 50 pafupifupi asanu ndi limodzi pa kiyubiki mita. Silabu ya alamu, yochindikala mamilimita 100, ndi makiyubiki 9.6, choncho matumba ake ndi cha m'ma 60. Bilu ikanati makiyubiki 96, tikanakamba za matumba pafupifupi 600, thiraki yathunthu ya simenti pa silabu ya kanyumba kamodzi. Simufunika sukulu ya zomangamanga kuti muone kuti zimenezo n'zosatheka.

Njira imeneyi ndi imene inagwira mzere wa zitsulo. Pa ring'ibimu, konkire yozungulira pamwamba pa makoma, bilu inati zitsulo za Y12, zonenepa mamilimita 12, muyezo kg, kuchuluka 15, mtengo K3,600, ndalama K54,000. Apanso kakyuleta inavomera. Koma tiyeni tiwerenge. Nyumbayo kuzungulira ndi mamita 40, ndipo pulani inaonetsa zitsulo zinayi m'bimu, ndiye mamita 160. Kuwonjezerapo polumikiza ndi pokhota m'makona, tinafika pa mamita 176. Chitsulo cha Y12 chimalemera makilogalamu 0.888 pa mita, choncho mamita 176 ndi makilogalamu 156. Nanga 15 anachokera kuti? Zitsulo zimagulitsidwa zotalika mamita 12, ndipo 176 kugawa ndi 12 ndi 14.7, kutanthauza kuti mugula zitsulo 15. Mlembi anawerenga zitsulo monga amagulira ku hadiweya, n'kuchulukitsa ndi mtengo wa kilogalamu.

Chitsulo chimodzi cha mamita 12 chimalemera makilogalamu oposa 10 ndi theka. Pa mtengo wa K3,600, K54,000 ija sikanakwana ngakhale zitsulo ziwiri. Ndalama zoona ndi 156 kuchulukitsa ndi K3,600, zomwe ndi K561,600. Mzerewu unali wopereŵera ndi K507,600. Ngati mukufuna kulemera kwa chitsulo cha saizi ina, tengani kunenepa kwake m'mamilimita, chulukitsani ndi nambala yomweyo, gawani ndi 162. Cha mamilimita 10 chimatuluka 0.617 pa mita, cha mamilimita 16 chimatuluka 1.58.

Alamu atamva kuti cholakwika ichi chikuwakomera, anati, "Chimenecho tingokhala chete." Ndinakana, ndipo si chifukwa cha kupemphera kwambiri ayi. Kontirakitala akadzazindikira ali pamwamba pa khoma kuti ndalama ya zitsulo palibe, sadzaitulutsa m'thumba mwake. Adzaika zitsulo ziwiri pomwe pamafunika zinayi, kapena adzachepetsa simenti, ndipo konkire ikauma palibe amene angasuzumiremo. Mukaonetsa zolakwika za mbali zonse ziwiri, nayenso amamvetsera mosakwiya mukafika pa zimene zikumuchotsera ndalama.

Gawo lachitatu: tsopano chulukitsani mzere uliwonse

Apa ndiye pa kakyuleta, ndipo palibe chidule. Mzere uliwonse, ngakhale wa misomali. Wolondola ikani kachizindikiro ka pensulo kumapeto, wolakwika lembani nambala yanu pambali, osafufuta ya mwiniwake. Ngati muli awiri, mmodzi aziwerenga mokweza Qty ndi Rate, winayo azidina osaona pepala, kenako anene yankho. Munthu amene waona kale Amount amakonda kuona yankho lomwelo ngakhale pa kakyuleta patuluke zina.

Alamu anali atalumpha mzere wa konkire ya maziko chifukwa unkaoneka bwino. Makiyubiki 4.8 pa K385,000, ndalama zolembedwa K1,884,000. Yankho loona ndi K1,848,000. Manambala 4 ndi 8 anasinthana malo polemba. Cholakwika chotere chili ndi chidindo chake: kusiyana kwa nambala ziwirizo kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa kusiyana kunali 36,000, ndipo 36,000 kugawa ndi 9 ndi 4,000 ndendende. Mukapeza kuti zowonkhetsa zanu zikusiyana ndi za m'bilu ndi nambala yogawika ndi 9, yambani mwasaka manambala osinthana. Yankho likakhala ndi manambala ofanana ndi anu koma lakula kapena lachepa kakhumi kapena ka 100, vuto ndi ziro wowonjezera kapena kadontho kosochera.

Si mzere uliwonse wokana kakyuleta umene uli wolakwika. Wa silabu unkati kuchuluka 10, mtengo K420,000, ndalama K4,032,000. Alamu anadina napeza K4,200,000, n'kuganiza kuti agwira china. Pakachitika zotere, bwererani chambuyo: gawani Amount ndi Rate. 4,032,000 kugawa ndi 420,000 ndi 9.6, makiyubiki enieni a silabu. Kompyuta inali ndi 9.6 m'kati, koma danga linakonzedwa kuti lisaonetse zapambuyo pa kadontho, ndiye pa pepala panatuluka 10. Ndalamazo zinali zolondola. Komabe pemphani kuti asindikizenso 9.6, chifukwa tsiku lolipira wina adzaloza pa 10 n'kunena kuti ndi zimene munasayina.

Gawo lachinayi: tsatirani ndalama kuchokera pa tsamba kufika pa chidule

Wonkhetsani danga la Amount pa tsamba lililonse, kamodzi kutsika, kamodzi kukwera. Kenako onani kumene nambala ya pansi pa tsambalo yapita. Bilu zina zimaisenza kupita pamwamba pa tsamba lotsatira, zina zimasonkhanitsa masamba onse pa tsamba limodzi lotchedwa Collection, kenako Summary, imene ndi chidule cha bilu yonse. Ikani chala chimodzi pansi pa tsamba, china pa Collection, muwerenge nambala imodziimodzi. Werenganinso kuti masamba onse alowa, ndipo lililonse lalowa kamodzi. Vuto lofala ndi la bilu imene imasenza ndalama kupita tsamba lotsatira koma n'kusonkhanitsanso masamba onse kumapeto, kotero kuti tsamba loyamba limalipidwa kawiri kapena katatu. Kwa alamu gawo ili linali loyera.

Pa chidule ndi pamene cholakwika chimaberekana. Ntchito yonse inawonkhetsedwa K38,500,000, ndipo anaikapo 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, K3,850,000, kufika pa K42,350,000 ija. Titachotsa K3,672,000 ya hadiko ndi K36,000 ya maziko, n'kuwonjezera K507,600 ya zitsulo, ntchito inatsika ndi K3,200,400 kufika pa K35,299,600. Ndiye 10 peresenti yake inakhala K3,529,960, ndipo zonse pamodzi K38,829,560. Kusiyana kwenikweni kunali K3,520,440, chifukwa peresenti ija inali itakwera pamsana pa zolakwika. Choncho musangochotsa zolakwika pa nambala yomaliza. Konzani mizere, kenako werengerani maperesenti onse mwatsopano. Ngati pali msonkho wa VAT, onani kuti waikidwa kamodzi kokha, kumapeto, pa peresenti imene MRA ikugwiritsa ntchito nthawi imeneyo, ndipo funsani ngati mitengo ya m'mizere ilibe kale msonkhowo m'kati.

Ngati muli ndi fayilo ya Excel

Pangani kope lanu, loyambalo musalikhudze. Tinene kuti Qty ili mu danga D, Rate mu E, Amount mu F, ndipo mizere ikuyambira pa 5 kufika pa 40. Mu danga G, pa mzere 5, lembani izi n'kukokera pansi:

```
=ROUND(D5*E5-F5,0)
```

Paliponse pamene sipanatuluke 0 pali nkhani. Kenako dinani Ctrl pamodzi ndi batani la ` limene lili pansi pa Esc, kuti mafomula onse aonekere. Mu danga F muyenera kuona `=D5*E5`, `=D6*E6` motsatizana. Pamene pali nambala yongolemba ndi manja pakati pa mafomula, kapena fomula yotenga D ya mzere wina ndi E ya mzere wina, ikani chizindikiro. K1,884,000 ya maziko ija inali yolemba ndi manja.

Yang'anani fomula yowonkhetsa. Munthu akawonjezera mzere kumapeto, nthawi zina `=SUM(F5:F38)` imatsala pomwepo pomwe mizere yafika pa 40. Yerekezani ndi iyi, imene imachulukitsa ndi kuwonkhetsa osadalira danga F:

```
=SUMPRODUCT(D5:D40,E5:E40)
```

Onaninso manambala a mizere kumanzere. Akalumpha kuchokera pa 17 kufika pa 20, pali mizere yobisika, ndipo SUM imaiwerengera ngakhale pa pepala siituluka. Nambala yokhala kumanzere kwa danga pomwe zinzake zili kumanja, kawirikawiri yokhala ndi kachizindikiro kobiriŵira pakona, kompyuta ikuitenga ngati mawu, ndipo SUM imailumpha mwakachetechete. Koma kumbukirani kuti mzere wa hadiko ndi wa zitsulo yonse inatulutsa 0 mu danga G. Excel sidziwa kuti m² ndi chiyani.

Kukakumana ndi kontirakitala

Lembani zonse pa pepala limodzi: tsamba, mzere, zimene zalembedwa, zimene mwapeza, ndi masamu anu. Pa mzere wa muyezo wosokonekera musayambe ndi kunena mtengo woyenera. Funsani kuti, "Abwana, K45,000 iyi ndi ya sikweya kapena ya kiyubiki?" Akayankha kuti ndi ya sikweya, apempheni auphwanye mtengowo: miyala ndalama zingati, lole zingati, aganyu zingati. Mtengo woona umaphwanyika mosavuta. Wa alamu atauyang'ana, anakanda m'mutu n'kuvomera kuti mwana amene amamulembera anautenga pa bilu ina.

Ngati ndinu a komiti ya sukulu, ya tchalitchi kapena ya chitukuko ndipo mukufananiza mabilu a makontirakitala angapo, werengani malamulo a mpikisanowo musanakonze kanthu. Mapepala ambiri a tenda amati Rate ikasemphana ndi Amount, imene imagwira ndi Rate ndipo Amount ndiyo imakonzedwa, pokhapokha zikuonekeratu kuti kadontho ka mu Rate kanasochera. Amatinso ndalama yolembedwa m'mawu imaposa ya m'manambala. Lamuloli limathetsa zolakwika ngati za maziko zija, koma silikhudza muyezo wosokonekera. Umenewo mumafunsa mwiniwake polemba kalata, ndipo yankho lake mumalisunga m'fayilo. Konzani mabilu onse ndi lamulo limodzi musanaone amene watsika mtengo, chifukwa wotchipa pa tsamba lomaliza akhoza kukhala wachiwiri masamu akakonzedwa.

Mukagwirizana, musasayine pepala lokhwatchakhwatcha. Bilu isindikizidwenso, ikhale ndi deti latsopano, ndipo muiyenderenso yonse, poti pokonza mzere umodzi fomula ina imatha kusuntha. Ya alamu itabwera kachiwiri, mzere wa hadiko unali utasintha kukhala m³ ndi 14.4, wa zitsulo 156, wa silabu 9.6, koma pa Summary panali pakadali 10 peresenti yakale ya K3,850,000, chifukwa nayonso inali yolemba ndi manja. Inabwereranso kachitatu. Imeneyo ndi imene onse awiri anasayina tsamba lililonse, aliyense n'kutenga kope lake, ndipo aganyu anayamba kukumba maziko Lolemba lotsatira.